Mawu othokoza potseka maphunziro ku Mponela: ndiyambire ndani?

Nachisale: Akuluakulu mwaswera bwanji? Ndili ku Mponela ku maphunziro a atsogoleri a makopaletivi, a kasungidwe ka mabuku a ndalama. Tikutseka mawa masana. Anzanga andisankha kuti ndikayankhule mawu othokoza m'malo mwa ophunzira tonse, ndipo woyendetsa mwambo wandiuza kuti ndisapitirire mphindi zitatu. Ndalemba ndithu, koma nditawerenga mokweza uku ndikuyang'ana wotchi ya foni zanditengera mphindi 8. Vuto lina ndi lakuti sindikudziwa woyambira. Mlendo wolemekezeka amayenera kukhala a DC, koma akuti atumiza mkulu wa zaulimi m'boma muno. Kudzakhalanso a Gogo Chalo, a khansala a dera lino, mayi oimira bungwe limene lalipira zonse, ndi otiphunzitsa awiri. Ndithandizeni, ndisakachite manyazi pagulu.

Che Jafali: Palibe chovuta apa mayi. Yambani ndi mfumu. Malo ndi a mfumu, aliyense amene wabwerapo ndi mlendo pakhomo pawo. Mukaphonya pamenepo ngakhale muyankhule zokoma bwanji anthu adzangokumbukira kuti munadumpha mfumu.

Mada ku Joni: Asisi musadzivutitse. Kuno timangoti ndikupereka ulemu kwa nonse malinga ndi maudindo anu, basi, n'kulowa m'nkhani. Kenako nenani kuti maphunziro atsekedwa, anthu akalandire zawo azipita.

Bambo Kamanga: A Mada, kutseka si ntchito yawo mayiwa. Wotseka maphunziro ndi mlendo wolemekezeka. Akakanena kuti "maphunziro athera pano" ndiye kuti awalanda bwanawo chimene abwerera kuchokera ku Dowa boma.

Mayi Nachisale, tatumizani chiyambi cha zimene mwalembazo tione pamene mphindi zikuthera.

Nachisale: Ndayamba chonchi: "Ine dzina langa ndine wakutiwakuti, mlembi wa kopaletivi ya soya ndi mtedza. Kopaletivi yathu inayamba ndi anthu ochepa pansi pa mtengo, ndipo takumana ndi zovuta zambiri monga mavenda ndi kusowa kwa nyumba yosungiramo mbewu. Tsiku loyamba tinaphunzira buku la ndalama zolowa ndi zotuluka. Tsiku lachiwiri tinaphunzira…" Ndafotokoza masiku onse, kenako ndatchula maina a anthu 14.

Bambo Kamanga: Eya, ndaona. Mwalemba lipoti, osati mawu othokoza. Mbiri ya kopaletivi yanu ichoke yonse, chifukwa simukuimira kopaletivi yanu, mukuimira aliyense amene wakhala m'chipindamo. Zimene munaphunzira tsiku ndi tsiku zichokenso. Zimenezo otiphunzitsa kapena a bungwe adzakhala atazinena kale pofotokozera mlendo wolemekezeka zimene zachitika, ndiye inu mukazibwereza anthu ayamba kuyang'ana pa foni.

Tsono chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti m'mawu othokoza muli mindandanda iwiri, ndipo anthu amaiphatikiza. Woyamba ndi wa malonje, pamene mwangoimirira n'kutchula akuluakulu. Pamenepa mumatsata udindo, ndipo simunena chilichonse chokhudza munthuyo, udindo wake wokha. Wachiwiri ndi wa kuthokoza kwenikweniko. Umenewu umayambanso ndi mlendo wolemekezeka, koma ukatero umatsata zimene munthu wachita, ndipo aliyense amalandira chiganizo chimodzi chokha chonena chimene mukumuthokozera. Munthu akhoza kupezeka pa malonje koma osapezeka pa kuthokoza payekha, ndipo palibe cholakwika. Ophika sapezeka pa malonje koma pothokoza ayenera kumveka.

Che Jafali: Koma madala simunayankhe za mfumu.

Bambo Kamanga: Ndikubwera Che Jafali. Mukunena zoona pa msonkhano wa kumudzi. Ngati tili pabwalo la mfumu kapena pa msonkhano wa VDC, mfumu ndiye mwini bwalo ndipo palibe amene angakutsutseni. Koma awa ali mu holo ya loji, mwambo wakonzedwa ndi bungwe pamodzi ndi khonsolo, ndipo pa pulogalamu palembedwa kuti mlendo wolemekezeka ndi uyu. Pa mwambo wotere woyamba kutchulidwa ndi mlendo wolemekezeka. A Gogo Chalo abwera pambuyo pake, ndipo iwo amadziwa zimenezi, akhalapo pa miyambo yambiri kuposa ife tonse.

Tiyamike: Ndionjezereko pa zimene anena bambo Kamanga, poti ine ndimakonza nawo maphunziro otere kuntchito kwathu. Munthu amene watumidwa ndi a DC amakhala pa mpando wa a DC. Ngakhale atakhala wachinyamata kuposa onse pa tebulo lapamwamba, amatchulidwa poyamba. Muzinena kuti "Mlendo wathu wolemekezeka, mkulu wa zaulimi m'boma lino, amene mukuimira a Bwanamkubwa." Osanena kuti "ngakhale a DC sanabwere". Ndinamvapo wina akunena choncho, bambo wotumidwayo nkhope inagwa pomwepo.

Nachisale: Chabwino. Nanga pakati pa a khansala ndi a Gogo Chalo?

Che Jafali: Khansala ndi mwana wa m'mudzi wa mfumu yomweyo. Zaka zisanu zikatha amachoka, mfumu ili pompo. Funso limeneli lisakhalepo n'komwe.

Tiyamike: Pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni akulu. Mu khonsolo makhansala amavota, mafumu amakhala nawo koma savota. Pa mapulogalamu ambiri amene ndaona ku maofesi, osankhidwa ndi anthu amalembedwa patsogolo.

Bambo Kamanga: Nonse muli ndi mbali yanu. Chisokonezochi chili ndi pochokera. Dziko lino linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014, ndiye kwa zaka zonsezo anthu anazolowera kuti pa mwambo pamakhala a DC, a phungu ndi mafumu basi. Makhansala atabwerera, dera lililonse linapeza njira yake yowaikira pa mndandanda. Akanakhala wapampando wa khonsolo bwenzi nkhani ili ina, ameneyo ali pamwamba ndithu ndipo m'malo ambiri amatchulidwa asanatchulidwe a DC. Koma khansala wa wodi, ine ndikamayendetsa mwambo ndimamuika pambuyo pa T/A, ndipo sindinaonepo khansala akukwiya chifukwa chotsatira mfumu yaikulu. Akanakhala gulupu kapena nyakwawa ndikanayamba ndi khansala.

Koma mayi Nachisale, mlandu umenewu si wanu woti muweruze. Mawa m'mawa pa nthawi ya tiyi pitani kwa woyendetsa mwambo, mupempheni pepala limene iye akugwiritsa ntchito potchula alendo, mukopere mmene lilili. Pamene inu muziimirira, iye ndi ena adzakhala atautchula mndandandawo kangapo. Mukatsata womwewo palibe amene adzakulozeni chala. Mukasintha, ngakhale mutakhala kuti mukulondola, zidzaoneka ngati mukudzudzula amene anayankhula inu musanaime.

Che Jafali: Ine ndikadali pa mfundo yanga, koma za pepalazo ndavomera.

Mayi Abusa: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku mapemphero a amayi. Ndawerenga zonse koma sindinaone pamene mwatchula Mulungu. Woyamba kuthokozedwa ndi Iyeyo. Ku maliro a mlamu wanga mwezi watha, amene anayankhula m'malo mwa banja anayamba ndi vesi, kenako anathokoza a mpingo, adzukulu, amayi ophika, mpaka amene anabwereketsa matenti. Anthu anakhutira kwambiri.

Mada ku Joni: Amayi, ku maliro anthu sathamangira minibasi.

Mayi Abusa: Iwe Mada, Mulungu sadikira minibasi.

Bambo Kamanga: Mayi Abusa, palibe akukana. Chiganizo chimodzi malonje akangotha, "tithokoze Mulungu potisunga masiku onsewa", chikwanira, ndipo m'chipinda mmene muli Akhristu ndi Asilamu chimakomera onse. Vesi ndi ulaliki zisiyireni amene adzatseke ndi pemphero, ali pa pulogalamu payekha. Za ku maliro n'zosiyana chifukwa kumeneko aliyense amene anapereka nkhuni kapena ufa amayembekeza kumva dzina la gulu lake, ndipo anthu akhala pansi tsiku lonse. Kunoku aliyense wamanga kale chikwama.

Aphiri a Mbewu: Ine ndili ku maphunziro omwewo, ndakhala kumbuyo kwa mayi Nachisale sabata yonse. Mayi, musaiwale zimene tinakutumani usiku uja. Ndalama ya thiransipoti imene akutibwezera ndi ya mitengo yakale. Ena tachokera kutali, kukwera kabaza kaye kuti tifike pa M1. Tinakusankhani inu chifukwa simuopa. Mabwana onse adzakhala pamodzi, mpata wina tidzaupeza kuti?

Nachisale: Aphiri mwandipeza kunonso! Ndi zoona akuluakulu, anandituma zimenezo, ndipo n'zimene zikundisowetsa tulo.

Tiyamike: Chonde mayi musakanene pa maikolofoni. Ndikuuzeni mmene zimakhalira mbali yathu. Mitengo ya thiransipoti ndi alawansi imakhala italembedwa kale mu bajeti imene opereka ndalama anavomereza, ndipo wowerengera ndalama amabwera ndi maenvulopu owerengeka kale kapena mndandanda wotumizira pa foni. Mlendo wolemekezeka sangasinthe kanthu, a Gogo Chalo sangasinthe kanthu. Chimene chingachitike n'chakuti mayi wa bungweyo achita manyazi pamaso pa boma, ndipo iye ndi yekhayo amene akanakumenyerani nkhondo ku ofesi. Lembani pa fomu younikira maphunziro imene mudzadzaze mawa m'mawa, nonse, aliyense atchule mtengo weniweni wochokera kwawo. Mafomu amenewo amalowa mu lipoti. Komanso anthu awiri kapena atatu akakumane naye pambali mwambo usanayambe.

Aphiri a Mbewu: Mafomu tadzaza kangati achemwali? Chinasintha n'chiyani? Mwana wosalira amafera mu mbereko.

Tiyamike: Sindikunama kuti nthawi zonse zimasintha. Koma pa maikolofoni sindinaonepo zitasintha ngakhale kamodzi.

Bambo Kamanga: Aphiri, dandaulo lanu ndi lomveka, koma taganizirani mmene zidzamvekere. Munthu wanena zikomo kasanu, kenako akuti "koma". Akangoti "koma", zikomo onse aja afufutika, aliyense adzatuluka atanyamula za thiransipoti zokha. Pempho limene limaloledwa m'mawu othokoza ndi loyang'ana kutsogolo ndipo likhale lokhudza ntchitoyo, monga kupempha kuti alangizi adzatiyendere kudzaona mabuku athu. Limenelo mlendo wolemekezeka akhoza kuliyankha m'mawu ake otsekera, chifukwa alangizi ali pansi pake.

Aphiri a Mbewu: Ndiye tinasankha munthu woti akangoombera m'manja mabwana?

Nachisale: Ayi Aphiri. Mawa 7 koloko tikadye kadzutsa limodzi, inu ndi ine ndi mayi aja a ku Madisi, tikawapeze mayi a bungwewo asanalowe mu holo. Ndikayankhula ndine, musadandaule.

Aphiri a Mbewu: Tiona. Koma akakatiyankha zachibwana ine ndidzaimika mkono pa mwambo pomwepo.

Nachisale: Bambo Kamanga, ndalembanso. Taonani:

"Mlendo wathu wolemekezeka, mkulu wa zaulimi m'boma lino amene mukuimira a Bwanamkubwa, a Gogo Chalo, a khansala, mayi oimira bungwe limene latiitana, otiphunzitsa athu, anzanga ophunzira, amayi ndi abambo.

Ndaima pano m'malo mwa ophunzira tonse. Poyamba tithokoze Mulungu potisunga masiku onsewa.

Mlendo wolemekezeka, zikomo kwambiri chifukwa chosiya ntchito zanu zambiri n'kubwera kudzakhala nafe. A Gogo Chalo zikomo kwambiri chifukwa chosiya ntchito zanu n'kubwera. A khansala zikomo kwambiri chifukwa chobwera. A bungwe zikomo kwambiri chifukwa cha zonse zimene mwatichitira. Otiphunzitsa zikomo kwambiri, taphunzira zambiri ndipo sitidzakhalanso chimodzimodzi. Pomaliza ndipepese ngati ndalakwitsa pena, ine si wodziwa kuyankhula. Zikomo."

Zatenga mphindi imodzi ndi theka.

Bambo Kamanga: Malonje ali bwino, musawakhudzenso kupatula kuwayerekeza ndi pepala lija. Kutalika kulinso bwino, mwatsala ndi malo. Koma pakatipo mawu amenewa mukhoza kukawanena pa maphunziro a katemera wa nkhuku kapena a zisankho osasintha ngakhale liwu limodzi. Ndiye chizindikiro chakuti sanapse. Aliyense mwamuthokoza chifukwa chobwera. Ndiuzeni, otiphunzitsawo anachita chiyani chimene anthu akhala akukambirana pa nthawi ya nkhomaliro?

Nachisale: Lachitatu anatiuza kuti aliyense atulutse buku la kopaletivi yake lenileni, tisinthane ndi mnzathu, aliyense afufuze la mnzake ndi malisiti. Kunali phokoso! Ambiri tinapezeka kuti ndalama za masheya a mamembala tinkazilemba pamodzi ndi za malonda a soya, ndiye phindu linkaoneka lalikulu pamene silinali choncho. Mphunzitsi wamkaziyo anakhala nafe mpaka mdima kutithandiza kuzilekanitsa.

Bambo Kamanga: Basi, ndi zimenezo. Mukanena zimenezo ophunzira adzaseka chifukwa akukumbukira, mphunzitsiyo adzadziwa kuti munaona kuti anagwira ntchito mpaka usiku, ndipo mlendo wolemekezeka adzamva m'chiganizo chimodzi chimene ndalama zagwira. Otiphunzitsa ndiwo alandire mawu ambiri kuposa onse, chifukwa thukuta ndi lawo. A bungwe atchulireni zimene alipira, malo ogona, chakudya, mabuku. A Gogo Chalo ndi a khansala mukhoza kuwaphatikiza m'chiganizo chimodzi. Mwaiwala a pa loji ndi madalaivala, ndipo mwaiwala anzanu amene akutumani. Kupepesako chotsani. Mukanena kuti simudziwa kuyankhula mukunyoza amene anakusankhani.

Chinanso, funsani kuti inu muyankhula mlendo wolemekezeka asanayankhule kapena atayankhula. Nthawi zambiri ophunzira amayamba, iye n'kutseka. Zikakhala choncho musamuthokoze chifukwa cha "mawu ake anzeru" amene sananene. Zimachitika, anthu amaloweza kunyumba. Ngati muyankhula pambuyo pake, gwirani cholembera pamene akuyankhula, mutolepo mfundo imodzi n'kuibwereza.

Mayi Abusa: Aikemo mwambi umodzi. Mawu opanda mwambi sakoma.

Che Jafali: Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ukukwanira otiphunzitsawo.

Tiyamike: Umenewo uli bwino, bola umodzi womwewo ndipo asaumasulire. Komanso mayi, maina a anthu: ngati simuli otsimikiza katchulidwe kake kapena ngati ndi Dokotala kapena ayi, tchulani udindo wokha. Dzina la bungwe lokha ndiye mulitchule bwinobwino, ndipo mufunse ngati pali wina amene anapereka ndalama kudzera mwa iwo. Nthawi zambiri chizindikiro chake chimakhala pa chinsalu chimene apachika kutsogolo. Mabungwe amafunsidwa ndi opereka ndalama ngati anatchulidwa.

Mada ku Joni: Koma muyankhule Chingerezi asisi, aone kuti alimi nawonso anapita ku sukulu.

Nachisale: Maphunziro onse achitika m'Chichewa achimwene, ndipo a Gogo Chalo ali pomwepo. Ndikasintha chiyankhulo ndiye ndikuyankhulira ndani? Nayi yomaliza, malonje ndasiya mmene analili:

"Ndaima pano m'malo mwa ophunzira tonse. Tithokoze Mulungu potisunga masiku onsewa.

Mlendo wathu wolemekezeka, zikomo pobwera kudzatseka maphunzirowa. Mukatiperekere zikomo wathu kwa a Bwanamkubwa. A Gogo Chalo ndi a khansala, makopaletivi athu amagwira ntchito m'midzi yanu, ndipo kukhala kwanu pano kwatilimbitsa mtima.

A bungwe pamodzi ndi amene amakuthandizani ndi ndalama, mwatigoneka pabwino, mwatidyetsa, ndipo aliyense akubwerera ndi buku latsopano la ndalama. Zikomo.

Otiphunzitsa athu, akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Lachitatu munatisinthanitsa mabuku, ndipo ambiri tinaona koyamba kuti ndalama za masheya tinkazisakaniza ndi za malonda. Munakhala nafe mpaka mdima kuti tizilekanitse. Sitidzaiwala.

Tithokozenso ophika, osamalira zipinda ndi madalaivala. Anzanga ophunzira, zikomo posunga nthawi ndi pondituma.

Pempho lathu ndi limodzi: alangizi adzatiyendere nyengo yogula soya isanafike, adzaone ngati mabuku athu akuyenda mmene taphunzirira. Zikomo kwambiri."

Mphindi ziwiri ndi masekondi 10, powerenga mosathamanga.

Bambo Kamanga: Imeneyo ndiyo. Pa mwambo idzafika pafupi ndi zitatu chifukwa anthu adzaseka pa Lachitatu paja ndipo adzaombera m'manja ophika. Adikireni amalize, musayankhule m'kati mwa phokoso. Lembani pa kapepala kamodzi ndi zilembo zikuluzikulu, osati pa foni, foni imazima pamene ukuifuna. Potchula munthu muzimuyang'ana, ndipo pofika pa a Gogo Chalo pindani maondo pang'ono monga mwa mwambo wathu. Siyaninso mzere umodzi wopanda kanthu pamwamba pa malonje.

Nachisale: Wa chiyani mzerewo?

Bambo Kamanga: Wa amene sanali pa pulogalamu. Loji za ku Mponela zimakhala ndi misonkhano ingapo tsiku limodzi, ndiye wamkulu wina akhoza kutuluka mu holo ina n'kulowa mwanu.

Nachisale: Akuluakulu, tatseka. Bambo Kamanga ndinu mfiti kapena? A phungu a dera lino analowa tikulandira masatifiketi, anawaikira mpando pafupi ndi mlendo wolemekezeka. Woyendetsa mwambo anawatchula achiwiri, ine ndinalemba pa mzere uja n'kutsata momwemo. Pothokoza ndinangowaphatikiza ndi a Gogo Chalo ndi a khansala. Mlendo wolemekezeka anayankha za alangizi, akuti akauza a ku ofesi ya zaulimi ya EPA. Amayi ophika anatuluka kukhitchini atamva anthu akuwaombera m'manja.

Che Jafali: Ndiye mfumu inakhala yachitatu?

Nachisale: Yachitatu, ndipo inandigwira chanza potuluka.

Che Jafali: Mafumu ndi odekha, sangakuonetseni pagulu. Kwathu ku Mangochi sindikanalola.

Tiyamike: Nanga za thiransipoti zinatha bwanji? Aphiri anaimika mkono?

Aphiri a Mbewu: Sindinaimike. Mayi a bungwewo anatimvetsera m'mawa, analemba maina a ife asanu ochokera kutali ndi mitengo ya kabaza, akuti akafunsa ku ofesi. Lero talandira yakale yomwe ija. Ndili mu minibasi, ndadutsa pa Mtengowanthenga, yokwerera kabaza ndabwereka kwa mayi Nachisale. A Tiyamike, akapanda kuimba pofika Lachisanu, kalata yokumbutsa timalembera mayi omwewo kapena abwana awo?